Masekondi Ochepa Amene Amasankha Mtundu wa Bakiteriya

Mabakiteriya ambiri alibe mtundu wooneka. Mukawaika pa kagalasi osawapaka kanthu n'kusuzumira pa maikulosikopu, mumangoona timithunzi tosadziwika bwino. Utoto umodzi ndi wokwanira kukuonetsani ngati ali ozungulira kapena ataliatali ngati tindodo, koma sungakuuzeni chilichonse za mmene anapangidwira. Njira ya Gram imapita patsogolo pamenepo. Imagwiritsa ntchito utoto wa mitundu iwiri, kirisito vayoleti amene ndi wa pepo ndi safuranini amene ndi wofiirira, ndipo pomaliza mabakiteriya amagawika pawiri: a pepo timawatchula kuti Gram pozitivi, ofiirira timati Gram negativi. Dokotala akamva mawu amenewa pa foni kuchokera ku labotale amatha kuyamba kusankha mankhwala tsiku lomwelo, dzina lenileni la bakiteriyayo lisanadziwike. Mankhwala ngati vankomaisini amagwira ntchito pa a pepo, koma pa ofiirira sathandiza. N'chifukwa chake mtundu wolakwika umandidetsa nkhawa kwambiri.

Chimene ndikufuna kuti chimveke bwino n'chakuti magulu awiriwa samasiyana chifukwa lina limakonda utoto wa pepo ndipo lina limakonda wofiira. Onse amalandira utoto wa pepo mofanana, ndipo onse akhoza kuutaya. Amasiyana pa liwiro lokha: ena amautaya m'masekondi ochepa, ena amachedwa. Ntchito yonse yagona pa kuimitsa kutsukako pa nthawi imene gulu loyamba lataya kale utoto koma lachiwiri likadaugwira. Munthu akamvetsa zimenezi, zolakwika zambiri za njirayi amayamba kuzizindikira yekha.

Hans Christian Gram, dokotala wa ku Denmark, anafalitsa njirayi mu 1884 akugwira ntchito ku Berlin limodzi ndi dokotala mnzake wa ku Germany, Carl Friedländer. Ankapima mapapo a anthu amene anamwalira ndi chibayo, ndipo cholinga chake chinali chakuti mabakiteriya aoneke bwino pakati pa minofu ya mapapo. Ali m'kati mwa ntchitoyo anaona kuti mabakiteriya ena, monga a tayifodi, ankataya utoto akawathira mowa wotsukira. Chifukwa chake chinadzadziwika patapita zaka zambiri, anthu atayamba kuona khoma la bakiteriya pa maikulosikopu a maelekitironi.

Khoma limeneli limapangidwa ndi peputidogilaikani, amene ndi tizingwe ta shuga tomangiriridwa ndi tizidutswa ta mapuloteni, tolukana ngati ukonde wokuta selo lonse. Mwa a Gram pozitivi ukondewu ndi wokhuthala, wosanjikizana kambirimbiri, mananomita pakati pa 20 ndi 80, pamene milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni imodzi. Mwa a Gram negativi ndi wopyapyala kwambiri, mananomita ochepa chabe, koma kunja kwake kuli kachikopa kena kokhala ndi mafuta ambiri. Kirisito vayoleti ndi kanthu kakang'ono kosungunuka m'madzi, choncho amadutsa makoma a mitundu yonse iwiri n'kulowa m'kati. Mukayang'ana kagalasi pa nthawi imeneyi, chilichonse ndi cha pepo. Kenako mumathira ayodini. Ayodini akakumana ndi kirisito vayoleti m'kati mwa selo, ziwirizi zimagwirana n'kupanga timibulu tokulirapo tosasungunuka m'madzi. Utoto umene unalowa mosavuta uja tsopano wakula, sungatulukenso mosavuta pa timabowo timene unalowera.

Zikatero mumathira chotsukira, chimene ndi etanolo, mowa wotsukira uja, kapena asetoni. Pa khoma lokhuthala, etanolo amayamwa madzi, ukonde umakhwinyata, timabowo timachepa, ndipo timibulu ta pepo timatsekeredwa m'kati. Pa khoma lopyapyala, etanolo amasungunula mafuta a kachikopa kakunja, ndipo ukonde wotsalawo ndi wochepa mphamvu moti sungaletse utoto wosungunukawo kutuluka. Selo limatsala loyera, losaoneka. Safuranini amabwera pomaliza kudzalipatsa mtundu. Iye salowa mwa a Gram negativi okha ayi, amalowa monse, kungoti pepo ndi wakuda kwambiri moti kufiira sikuoneka pamwamba pake.

Pali umboni uwiri umene umandikhutiritsa kuti nkhani yagona pa khoma osati pa zam'kati mwa selo. Woyamba ndi wakuti mukachotsa khoma la bakiteriya wa Gram pozitivi pogwiritsa ntchito laisozaimu, amene amadula peputidogilaikani, selo lotsalalo limataya pepo msanga ngati la Gram negativi. Wachiwiri ndi yisiti. Yisiti si bakiteriya ndipo alibe peputidogilaikani n'komwe, koma amatuluka wa pepo, chifukwa khoma lake nalo ndi lokhuthala. Choncho chilichonse chimene chingaboole, kupyapyaliza kapena kuphwanya khoma chimasandutsa wa pepo kukhala wofiirira, ndipo chilichonse chimene chingalepheretse etanolo kufika pa selo chimasiya wofiirira ali wa pepo.

Kachitidwe kake pa benchi n'kosavuta kuloweza. Mumapaka mabakiteriya pa kagalasi koyera, kopanda mafuta, n'kusiya kuti aume okha ndi mpweya. Akauma mumawamatiriza ku galasi, kaya podutsitsa kagalasiko pa lawi la moto kawiri kapena katatu, kaya pothira metanolo kwa mphindi imodzi. Kenako kirisito vayoleti kwa mphindi imodzi, kutsuka pang'ono ndi madzi, ayodini kwa mphindi imodzi, kutsukanso, etanolo wa 95 peresenti kwa masekondi pafupifupi 10 mpaka 20, kutsuka nthawi yomweyo, safuranini kwa masekondi 30 mpaka 60, kutsuka, kuumitsa ndi pepala loyamwa madzi popanda kupukuta. Mumayang'ana ndi lenzi ya 100 mutadontheza mafuta ake, zimene zimakulitsa chinthu ka 1000 mukaphatikiza ndi lenzi ya kudiso ya 10.

Pa masitepe onsewa, atatu ndi okhululuka. Kirisito vayoleti akakhala masekondi 40 kapena mphindi ziwiri, zotsatira sizisintha kwenikweni, bola asaumire pa galasi. Ayodini ndi safuranini nawo chimodzimodzi. Koma kutsuka ndi etanolo sikukhululuka, ndipo ndi pamene mabuku amapereka manambala osiyanasiyana kwambiri. Ena amati masekondi 5, ena 10, ena 30. Sikuti wina akunama. Etanolo yekha amatsuka pang'onopang'ono, asetoni yekha amatsuka mwaliwiro moti masekondi awiri kapena atatu ndi okwanira, ndipo msakanizo wa ziwirizi uli pakatikati. Munthu amene anazolowera etanolo akapatsidwa botolo la asetoni n'kuwerenga masekondi 15 monga mwa nthawi zonse, amafiiritsa chilichonse. Kuwerenga zolembedwa pa botolo musanayambe kumateteza ku vuto limeneli.

Ine ndimadalira maso kuposa wotchi. Mumagwira kagalasi mopendekeka pamwamba pa sinki yoyera kapena pepala loyera, n'kumadontheza etanolo kumtunda kwake kuti aziyenderera pamwamba pa zopakazo. Madontho oyamba amagwa a pepo wakuda. Otsatira amayamba kuwala. Mukangoona kuti dontho lagwa loyera, madzi akhale ali pafupi, mutsuke pomwepo. Kusiya kuthira etanolo sikuimitsa ntchito yake, chifukwa amene watsala pa galasi akupitirizabe kutsuka. Madzi ndiwo amaimitsa. Ambiri amalakwa pomwepa: amaika botolo pansi, amalitseka bwinobwino, amafunafuna botolo la madzi, ndipo m'masekondi amenewo a pepo ayamba kale kufiira. Komanso musanathire etanolo, kutumulani madzi otsala pa galasi, chifukwa madzi akasakanikirana ndi etanolo amasintha katsukidwe kake, ndipo nthawi imene inakuyenderani bwino dzulo siingafanane ndi ya lero.

Maso amatha kunyengedwanso ngati zopakazo zili zokhuthala. Pamene maselo aunjikana, etanolo amatsuka a pamwamba ndi a m'mphepete, koma a pansi pa mulu sawafika msanga. Pepo amapitiriza kudontha kuchokera pa muluwo, inu mumapitiriza kuthira podikira dontho loyera, ndipo pamene mulu ukuyera, malo opyapyala atsukidwa kale mopitirira. Mukayang'ana mumapeza pakati pali pepo, m'mbali muli kufiira, ndipo mukhoza kulemba kuti muli mabakiteriya a mitundu iwiri pamene ndi mtundu umodzi. Chizindikiro chake n'chakuti maselo a pepo ndi ofiirira amafanana kukula ndi maonekedwe, ndipo mtundu umatsatira malo osati selo. Zopaka zabwino ndi zimene zikauma mutha kuwerenga zilembo za m'buku kupyolera mwa izo. Kungokhudza koloni, kamulu ka mabakiteriya omera pa mbale, ndi nsonga ya kawaya n'kusungunula m'kadontho ka madzi n'kokwanira. Ophunzira ambiri amatapa zochuluka poopa kuti sakaona kanthu, koma koloni limodzi lili ndi maselo mamiliyoni.

Moto nawo uli ndi vuto lake. Cholinga chodutsitsa kagalasi pa lawi n'chakuti maselo amamatire ku galasi, osati apse. Kagalasi kakatentha moti simungakakhudzitse kuseri kwa dzanja, makoma ang'ambika, ndipo khoma long'ambika silisunga pepo. Kuika pa moto zopaka zisanaume n'koipa koposa, chifukwa maselo amawira m'madzi awo omwe. Pa zinthu zochokera kwa wodwala, monga mafinya kapena magazi, ine ndimakonda metanolo, chifukwa amasunga maonekedwe a maselo bwino ndipo saphwanya kanthu.

Pali cholakwika china chimene sichichokera m'manja mwa wopaka koma pa shelefu. Ayodini wa Gram amapangidwa ndi galamu imodzi ya ayodini ndi magalamu 2 a potaziyamu ayodaidi m'mamililita 300 a madzi, ndipo akakhala watsopano amaoneka wa bulauni wakuda. Koma ayodini amauluka. Botolo likamakhala lotsegula kapena pa kuwala, mtundu umasuluka mpaka kukhala wachikasu chowala, ndipo mphamvu imapita nawo limodzi. Ayodini wofooka sapanga timibulu tokwanira, choncho pepo amatuluka ngakhale m'makoma okhuthala. Zimaoneka ndendende ngati kutsuka mopitirira, ndipo munthu amatha kumachepetsa masekondi a etanolo tsiku ndi tsiku osadziwa kuti vuto lili m'botolo lina. Kirisito vayoleti wokhalitsa amapanga timakhiristo, tina tozungulira, tina tosongoka ngati singano, timene timagwera pa galasi n'kumaoneka ngati mabakiteriya a pepo. Timadziwika chifukwa timasiyana kukula, timanyezimira mukamayendetsa lenzi m'mwamba ndi m'munsi, ndipo timapezeka ngakhale pamene simunapake kanthu. Kusefa utotowo ndi pepala losefera kumathetsa zimenezi.

Popeza zolakwika zosiyana zimabereka mtundu wofanana, wopaka amafunika mboni. Mboni zake ndi mabakiteriya awiri odziwika kale: Staphylococcus aureus, wozungulira, amene ayenera kutuluka wa pepo, ndi Escherichia coli, wa tindodo, amene ayenera kutuluka wofiirira. Ndi bwino kuwapaka pa kagalasi komweko, wina kumanzere wina kumanja, wosadziwikayo pakati, kuti onse alandire madontho omwewo pa nthawi yomweyo. Staphylococcus akafiira, mwatsuka mopitirira kapena ayodini wafooka. Escherichia akakhala wa pepo, simunatsuke mokwanira kapena mwapaka mokhuthala. Pa mafinya kapena makhololo mboni imakhala ili kale momwemo: maselo oyera a m'magazi ayenera kuoneka ofiirira mpaka m'kati mwa nyukiliyasi yawo. Nyukiliyasi ikakhala ya pepo, pamalo pamenepo etanolo sanamalize ntchito, ndipo mabakiteriya a pepo amene mukuwaona pambali pake simungawakhulupirire. Sunthani mupeze pamene maselo oyera afiira bwino, muwerenge pamenepo.

Tsopano tiyeni titsatire nkhani imodzi mpaka kumapeto, ya mtundu umene umachitika kawirikawiri m'makalasi ndi m'malabotale. Mbale ya aga, chakudya cholimba chomeretserapo mabakiteriya, yadzalidwa Lachisanu ndipo yakhala mu inkyubeta, bokosi lofunda lowakulitsira, mpaka Lolemba. Pamera makoloni akuluakulu, aphwatalala, ouma, a m'mbali mosasalala. Wopaka atenga pakati pa koloni limodzi, apaka pamodzi ndi mboni ziwiri zija, achita zonse motsatira ndondomeko. Pa maikulosikopu aona tindodo tofiirira tambirimbiri. Dzanja likuthamangira kulemba kuti tindodo ta Gram negativi.

Asanalembe, ayambe wafunsa mboni. Staphylococcus kumanzere ndi wa pepo wakuda, Escherichia kumanja ndi wofiirira. Choncho mankhwala ali bwino ndipo etanolo sanapitirire kwambiri. Apa ambiri amakhutira, koma mboni zimangochitira umboni mankhwala ndi manja, sizinena kanthu za thanzi la maselo a pakatiwo. Komanso Staphylococcus amagwira pepo mwamphamvu kuposa mabakiteriya ena ambiri a gulu lake, moti akhoza kukhalabe wa pepo pamene ofooka ataya kale.

Ndiye abwerere pakati n'kuyang'anitsitsa, osati mtundu wokha koma maonekedwe. Tindodoti n'tonenepa ndi totalika kuposa Escherichia wa pambaliyo, nsonga zake zili ngati zodulidwa ndi mpeni, ndipo tina talumikizana mondondozana. Akayendayenda apeza kuti pakati pa tofiirira tambiri pali tina ta pepo, tofanana kukula, ndipo tina tili ndi timadontho ta pepo m'kati mwa thupi lofiirira. Mu unyolo umodzi, selo lina ndi la pepo, loyandikana nalo ndi lofiirira. Zimenezi sizingakhale vuto la kukhuthala kwa zopaka, chifukwa maselo ogundana analandira etanolo wofanana. Chomaliza, m'kati mwa tindodo tina muli timalo toyera tozungulira ngati dzira, tosalowa utoto uliwonse. Amenewo ndi masipo, timatupi tolimba timene mabakiteriya ena amapanga chakudya chikayamba kutha, ndipo tindodo ta Gram negativi timene timapezeka m'labotale ya chipatala sitipanga masipo. Bakiteriya wa tindodo tikulutikulu, wopanga masipo, womera pa mbale imene ili pa mpweya, akuloza ku Bacillus, amene ndi Gram pozitivi.

N'chifukwa chiyani wafiira? Wakalamba. Bakiteriya akamakula amakhala akudula khoma lake pang'onopang'ono ndi maenzaimu, mapuloteni odulira amene amapanga yekha, kuti alowetsepo zidutswa zatsopano. Chakudya chikatha kumanga kumaima, koma kudula kumapitirira, ndipo khoma limayamba kuchucha. Pakati pa koloni ndi pamene pali maselo akale kwambiri, ndipo wopaka uja anatapa pomwepo, pa mbale ya masiku atatu. Bacillus ndi Clostridium amadziwika ndi khalidwe limeneli, ndipo Streptococcus pneumoniae naye amadzigaya msanga. Wodwala akakhala kuti wayamba kale kumwa mankhwala a gulu la penisilini, amene amaletsa kumanga khoma, zofananazo zimachitika m'thupi mwake, ndipo mabakiteriya amatha kuoneka ofiirira kapena otalika modabwitsa.

Pali njira yachangu yofunsira khomalo mwa mtundu wina popanda utoto. Mumadontheza potaziyamu haidirokisaidi, amene amalembedwa KOH, wa 3 peresenti pa kagalasi, n'kutapa koloni lokwanira ndi kawaya, n'kutakasa mpaka mphindi imodzi, mukukweza kawayako pang'onopang'ono nthawi ndi nthawi. Khoma lopyapyala la Gram negativi limaphulika, DNA imatuluka, ndipo dontho limananda moti kaulusi kamatsatira kawaya mukamakweza. Khoma lokhuthala limapirira, dontho limakhalabe lamadzimadzi. Pa nkhani yathuyi kaulusi sikatuluka, zimene zikugwirizana ndi Bacillus. Koma kuyesa kumeneku nako kumadalira khoma, choncho maselo okalamba kwambiri akhoza kuphulika n'kunamiza. Chotsimikizira chenicheni n'kudzalanso koloni pa mbale yatsopano, kudikira maola 18 mpaka 24, n'kutapa m'mphepete mwa koloni momwe muli maselo atsopano. Mawa lake tindodo tomwe tija timatuluka ta pepo wakuda, pafupifupi tonse. Ngati yankho likufunika tsiku lomwelo, kuli bwino kulemba zimene mwaonadi, kuti tindodo tikulutikulu tosakanikira pepo ndi kufiira, tokhala ndi masipo, kusiyana n'kukakamiza bakiteriyayo kulowa m'gulu limodzi.

Kulakwitsa kwa mbali inayo kumachitikanso ngakhale manja ali bwino. Acinetobacter ndi Gram negativi, koma amakakamira pepo, makamaka akatengedwa m'botolo lomeretsera mabakiteriya a m'magazi, ndipo popeza ndi wamfupi ngati wozungulira, amatha kuwerengedwa ngati timipira ta Gram pozitivi. Apa chokuchenjezani n'chakuti maselo ena pa malo opyapyala amakhala ofiirira kapena a pakatikati, ndipo mawa lake amamera pa aga ya MacConkey, imene a Gram pozitivi ambiri samerapo.

Safuranini naye ali ndi malire amene satchulidwa kawirikawiri. Ndi utoto wofooka, ndipo mabakiteriya oonda monga Campylobacter, Legionella, Brucella ndi Fusobacterium amaulandira mochepa moti amasowa pakati pa mafinya amene nawo ndi ofiirira. Kagalasi kamaoneka ngati kalibe kanthu. Kutalikitsa nthawi ya safuranini mpaka mphindi ziwiri kapena kuposa kumathandiza, koma malabotale ambiri amasintha n'kugwiritsa ntchito kabolo fukusini wosungunula ndi madzi, utoto umene umafiiritsa kwambiri. Kusaona kanthu kukhozanso kungotanthauza kuti mabakiteriya alimo ochepa, chifukwa pamafunika pafupifupi 100,000 pa mililita imodzi kuti muyambe kumawapeza mosavuta pa lenzi ya mafuta. N'chifukwa chake madzi a m'thupi oyera, monga a mumsana, amayamba azunguzidwa pa makina kuti maselo asonkhane pansi asanapakidwe.

Ena njirayi siiwagwira n'komwe. Mycoplasma alibe khoma. Treponema pallidum, wa chindoko, ndi woonda kwambiri moti saoneka. Mycobacterium tuberculosis, wa chifuwa chachikulu, ali ndi khoma lodzaza ndi phula limene limakaniza utoto kulowa, choncho m'makhololo amatha kuoneka ngati timizere toyera topanda mtundu, kapena ngati timadontho ta pepo tondondozana. Mukaona zimenezi mwa munthu amene wakhala akutsokomola kwa milungu, musabwereze njira ya Gram. Pakani kagalasi kena ndi njira ya Ziehl-Neelsen, imene imalowetsa kabolo fukusini m'phulamo ndi kutentha kenako n'kutsuka ndi asidi wosakaniza ndi etanolo, ndipo mudziwitse dokotala kuti pakufunika kupima chifuwa chachikulu.